Nkhuku yodya mazira ake: kodi gawo 69 linali lamulo?

Kumayambiriro kwa 2023, mvula ili pakati, ndinapita kumsika wa Satade kukagula nshawa. Ndikuwerama kuti ndione ngati meda yadzaza bwino, wogulitsayo anandigwira pamkono.

"Mwana wanga, si inu munkandilankhulira Chizungu kukhoti kuja?"

Ndinawazindikira nthawi yomweyo, ngakhale imvi zinali zitachuluka. Ndagwira ntchito yomasulira m'makhoti a majisitireti kuno kummawa kwa Zambia zaka zambiri, ndipo nkhope zambiri ndinaziiwala. Koma iyi ayi. Tinapatsana moni, tinafunsana za kunyumba, kenako anatsitsa mawu.

"Ndinamva pa wailesi kuti lamulo lija loletsa kunyoza Pulezidenti analichotsa. Ndiye tandiuzani, inu amene mumakhala pafupi ndi mabuku. Ine ndinali wolakwa, kapena sindinali wolakwa?"

Ntchito yanga ndi kutenga funso la munthu n'kulipereka kwa wina kuti ayankhe. Tsiku limenelo kunalibe wina woti ndimupatsire. Ndinalipira nshawa, ndinalonjeza kubweranso Loweruka lotsatira, ndipo sabata yonseyo funsolo linandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Tsiku la mlandu

Mlandu wawo unali waung'ono, wa mtundu umene sufika m'nyuzipepala. Bambowa anagulitsa chimanga, ndalama zinachedwa, mvula inayamba alibe feteleza. Ali pamzere ndi alimi anzawo, mtima utawawa, ananena mokweza kuti Pulezidenti ndi nkhuku yodya mazira ake omwe. Mnyamata wina wachipani anajambula mawuwo pafoni. Patapita masiku ochepa apolisi anabwera pamudzi.

Mlandu unawerengedwa m'Chizungu, ine n'kuubweza m'Chichewa. Woweruza anafunsa ngati akuvomera kapena akukana. Iwo anati, "Mawuwo ndinanenadi, koma ndinkadandaula, sindinkatukwana." Woweruza analemba kuti akana mlandu, ndipo anachita bwino, chifukwa munthu akavomera mawu koma n'kukana cholinga, kumeneko si kuvomera mlandu. Belo inaperekedwa, koma panafunika anthu 2 apantchito yodziwika oti awaimire. Pamudzi pawo munthu wapantchito yolembedwa anali mphunzitsi yekha, ndipo anaopa. Choncho anakhala m'chitokosi kudikira tsiku la umboni.

Pa tsikulo foni inalizidwa m'khoti, ndipo ine ndinauzidwa kumasulira zimene zinamveka. Apa ndiye pamene pamandibwerera usiku. Aliyense wakula akuweta nkhuku amadziwa chimene mawu aja akunena. Nkhuku yodya mazira ndi kholo lowononga ana ake, mtsogoleri wopweteka anthu amene anamuika. Ndi dandaulo la mwana kwa kholo. Koma womasulira saloledwa kuwonjezera ndemanga ngati sanafunsidwe. Ndinapereka mawuwo m'Chizungu monga analili, liwu ndi liwu: nkhuku, kudya, mazira. M'Chizungu anamveka ngati nthabwala ya ana. Anthu kumabenchi anaphulika kuseka, mpaka wapolisi wa m'khoti anakalipa.

Woimira boma sanataye mwayi. Pomaliza anati khoti ladzionera lokha kuti mawuwo amachititsa anthu kuseka mtsogoleri wa dziko.

Atapezeka olakwa, anapatsidwa mpata wopempha kuti chilango chichepe. M'malo mopempha, anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga, muwafunsire akuluwo. Lamulo limeneli analipanga ndani, ndipo likuteteza ndani? Chifukwa ine chimanga changa palibe anachiteteza."

Ndinamasulira. Woweruza, munthu amene ndinkamudziwa kuti ndi wofatsa, anayang'ana pansi kanthawi, kenako anati khoti silipanga malamulo, amapanga ndi aphungu ku Lusaka, ndipo ntchito ya khoti ndi kugwiritsa ntchito zimene zalembedwa. Anagamula miyezi 9 kuyambira tsiku limene anamangidwa. Atachotseredwa gawo limodzi mwa magawo 3 chifukwa cha khalidwe labwino, anakhala miyezi 6. Nyengo yolima inawadutsa ali m'kati.

Chimene gawolo linkanena

Lamulo lake linali gawo 69 la buku la milandu ndi zilango, Chaputala 87 cha malamulo a Zambia. Linalowa m'bukumo mu 1965, ufulu uli ndi chaka chimodzi chokha, choncho sitinganene kuti atsamunda anatisiyira. Tinalipanga tokha. Linkati munthu aliyense amene afalitsa mawu oipitsa mbiri kapena onyoza, polemba, posindikiza, pakamwa kapena m'njira ina iliyonse, ndi cholinga choti Pulezidenti adedwe, asekedwe kapena apeputsidwe, wapalamula mlandu, ndipo akhoza kumangidwa mpaka zaka 3. Kufalitsa, m'chilankhulo cha malamulo, sikufuna wailesi. Kungouza munthu wina mmodzi kwakwanira.

Linakhala zaka 57, kudutsa maboma onse, mpaka pa 23 Disembala 2022 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolichotsa, tsiku lomwelo limene chilango cha imfa chinachotsedwa m'buku lomweli.

Funso la bambo aja lili ndi mayankho awiri, ndipo akatswiri a nzeru za malamulo akhala akukangana pa mayankho amenewa kwa zaka mazana. Ndinayamba kuwerenga za mkanganowu pamene ndinkachita maphunziro a malamulo madzulo, ndipo kunena zoona poyamba ndinkangouloweza kuti ndikhoze mayeso.

Yankho loyamba: linali lamulo, basi

Gulu loyamba amalitcha la pozitivizimu. Dzinalo lichokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chinthu choikidwa, choncho ine ndimawatcha a lamulo loikidwa. Mngelezi wina, John Austin, analemba mu 1832 kuti kukhalapo kwa lamulo ndi nkhani ina, ubwino kapena kuipa kwake ndi nkhani inanso. H. L. A. Hart wa ku Oxford anakonza ganizoli m'buku lake la 1961. Iye anati m'dziko lililonse oweruza ndi ena ogwira ntchito za boma ali ndi muyeso umene onse amavomereza pozindikira chimene chili lamulo. Muyesowo sufunsa ngati chinthucho n'chabwino. Umafunsa kumene chachokera.

Tiyeni tiike gawo 69 pa muyeso wa kwathu. Kodi linadutsa ku Nyumba ya Malamulo? Inde. Kodi Pulezidenti analisaina? Inde. Kodi linasindikizidwa mu gazeti ya boma? Inde. Chatsala chimodzi, ndipo n'chachikulu: malamulo aakulu a dziko, konsitichushoni, amati lamulo lililonse losemphana nawo ndi lopanda mphamvu. Ndime 20 imateteza ufulu wolankhula. Koma ndime yomweyo imalola malamulo ochepetsa ufuluwo ngati akufunikadi posunga bata kapena poteteza mbiri ya anthu ena, pokhapokha zitaonetsedwa kuti n'zosayenera m'dziko la demokalase.

Atolankhani a nyuzipepala ya Post, Fred M'membe ndi Bright Mwape, anapita ndi funso limeneli mpaka ku Khoti la Suprimu, ndipo mu 1996 khotilo linagamula kuti gawo 69 silisemphana ndi malamulo aakulu. Kuyambira pamenepo majisitireti aliyense m'Zambia anamangidwa manja. Ngakhale bambo aja akanakhala ndi loya wopempha kuti funsolo litumizidwe ku Hayi Khoti, monga ndime 28 imalolera, yankho linali litaperekedwa kale kumwamba.

Musaganize kuti njira imeneyi siipha malamulo oipa. Cha m'nthawi yomweyo, pa mlandu wa Christine Mulundika, khoti lomwelo linathetsa gawo limene linkafuna kuti anthu apemphe chilolezo kwa apolisi asanachite msonkhano. Koma taonani chifukwa chake: oweruza sananene kuti gawolo lathetsedwa chifukwa Mulungu kapena chikumbumtima chalikana. Anati lasemphana ndi lamulo lina lolembedwa lokhala pamwamba pake. Wa lamulo loikidwa amagwedeza mutu kuvomereza zonse ziwiri. Lina linagwa pa muyeso, lina linapyola.

Ndiye yankho loyamba kwa bambo aja n'lowawa. Tsiku limene ananena mawu aja, gawo 69 linali lamulo lenileni. Anazengedwa mlandu motsata ndondomeko. Kuchotsedwa kwa gawolo mu 2022 sikubwerera m'mbuyo, pakuti Chaputala 2 cha malamulo athu, chofotokoza kamasuliridwe ka malamulo, chimati kuchotsa lamulo sikufafaniza chilango chimene chinaperekedwa kale pansi pa lamulolo. Zala zawo zimene anadinda kupolisi zikadali m'kaundula.

Anzanga ambiri a m'kalasi ankathera pomwepa n'kumati pozitivizimu ndi chiphunzitso cha anthu omvera chilichonse. Ndi bodza limene ndinalikhulupirira chaka chathunthu. Hart sananene kuti chifukwa chinthu ndi lamulo ndiye uchimvere. Ananena motsutsa: kudziwa kuti chinthu ndi lamulo sikukuuza kanthu ngati uyenera kuchimvera. Iye ankafuna kuti munthu athe kunena poyera kuti ili ndi lamulo, koma n'loipa kwambiri moti sindilitsata. Ankaopa kuti tikazolowera kunena kuti lamulo lenileni limakhala lachilungamo nthawi zonse, tsiku lina tidzatembenuza chiganizocho n'kumati chilichonse chimene chili m'buku n'chachilungamo.

Yankho lachiwiri: linali chiwawa chovala jekete la lamulo

Gulu lachiwiri ndi la lamulo lachilengedwe. Amene tinakulira m'tchalitchi cha Katolika maina awo si achilendo. Augustino Woyera, Mwafrika wa ku Hippo, analemba kuti lamulo lopanda chilungamo silioneka ngati lamulo n'komwe. Tomasi wa ku Akwino, m'zaka za m'ma 1200, anafotokoza kuti lamulo ndi dongosolo la nzeru, lopangidwira ubwino wa onse, lochokera kwa amene ali ndi udindo wosamala anthu, ndipo lolengezedwa. Chinthu chikasowa zimenezi, chingakhale ndi sitampa ndi siginecha, koma chapotoka.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti Tomasi sanangosiyira pa mawu okoma. Anapereka njira zoonera kupotokako. Lamulo likhoza kukhala lopanda chilungamo chifukwa cha cholinga chake, ngati wolamulira walipangira dyera kapena ulemerero wake m'malo mwa ubwino wa anthu. Likhoza kutero chifukwa wolipanga wapyola mphamvu zake. Likhozanso kutero ngati likusenzetsa anthu katundu mosalingana.

Werenganinso funso la bambo aja m'khoti: analipanga ndani, likuteteza ndani? Munthu amene sanapite patali ndi sukulu anafunsa mafunso awiri oyamba a Tomasi ali m'kabokosi ka oimbidwa mlandu. Pa funso la wolipanga, gawo 69 lipyola, chifukwa aphungu anali ndi mphamvu. Pa funso la cholinga ndi pamene likugwa. Linkateteza munthu mmodzi yekha m'dziko lonse, munthu amene ali ndi wailesi ya boma, omulankhulira, ndi mwayi wonse woyankha womunena. Ndipo linkamuteteza kwa anthu amene ntchito yawo m'demokalase ndi kumuyesa ngati akuyenera kupitiriza. Pa kusenza katundu likugwanso: Pulezidenti ali pampando sazengedwa mlandu wa upandu, choncho iye akanatcha mlimi nkhuku pa msonkhano, palibe chikanachitika.

Wa lamulo lachilengedwe akanauza bambo aja kuti: simunalakwe. Chimene chinakumangani sichinali ndi mphamvu pa chikumbumtima chanu. Munalangidwa, koma simunachimwe.

Ndinakondwa nalo yankho limeneli masiku awiri. Kenako ndinapitiriza kuwerenga, ndipo ndinapeza kuti Tomasi yemweyo anawonjezera kuti nthawi zina munthu ayenera kugonjera lamulo lotere pofuna kupewa chisokonezo kapena kukhumudwitsa ena. Lokhalo limene anati usalimvere zivute zitani ndi lokukakamiza kuchita chimene Mulungu waletsa, monga kupembedza mafano. Ndipo John Finnis, amene anadzutsanso chiphunzitsochi mu 1980, amavomereza kuti lamulo loipa likhoza kukhala lamulo ndithu m'maso mwa khoti, kungoti ndi lamulo lolumala, monga mmene timanenera kuti dokotala wopha odwala si dokotala, pamene satifiketi ali nayo. Choncho chiphunzitsochi sichikanatsegula chitseko cha ndende. Chikanangowauza kuti alowemo mutu uli m'mwamba.

Amalume anandisokoneza

Lachitatu la sabata imeneyo ndinapita kumudzi, cha ku Katete, ndipo ndinawafotokozera amalume nkhani yonse. Iwo ndi nduna ya mfumu, akhala pabwalo la milandu zaka zambiri. Ndinkayembekeza kuti andithandiza kudzudzula gawo 69. Anandiyang'ana ngati ndaledzera.

"Iwe mphwanga, kuyambira liti mfumu imatukwanidwa pagulu? Kuno munthu akatero amalipa mbuzi. Lamulo limenelo linali lolondola. Ngakhale lisanalembedwe linalipo."

Mwamva? Ngakhale lisanalembedwe linalipo. Amenewo ndi mawu a munthu wa lamulo lachilengedwe weniweni, ndipo akuwagwiritsa ntchito poteteza gawo lomwe ine ndinkati chilengedwe chikulikana. Akanawonjezeranso vesi ya m'buku la Eksodo yoletsa kutemberera mkulu wa anthu ako, ndipo m'dziko limene linalembedwa m'malamulo ake aakulu mu 1996 kuti ndi la Chikhristu, ambiri akanawaombera m'manja.

Ndinayesa kuwabweza ndi mwambo womwewo. Ndinati si inu nomwe mumati mutu ukakula sulewa nkhonya? Si inu mumati mfumu ndi dzala, aliyense amatayako zinyalala? Nanga nyimbo za amayi pamtondo, zimene zimatchula zolakwa za akuluakulu mudzi wonse ukumva? Nanga ku gule, kumene zilombo zimaseka aliyense, ngakhale mzungu ndi galimoto yake?

Amalume anavomera theka. Anati kudandaula n'kololedwa, kutukwana ayi, ndipo bwalo la mfumu limadziwa kusiyanitsa chifukwa onse okhalapo amamva chilankhulo chimodzi ndipo amamudziwa wolankhulayo. Anatinso pabwalo munthu amalipa mbuzi n'kubwerera kumunda tsiku lomwelo, sachotsedwa pakhomo nyengo yonse yolima. Pa zimenezi tinagwirizana. Koma pa funso lakuti ulemu wa mtsogoleri uyenera kutetezedwa ndi chilango kapena ayi, tinasiyana mpaka nsima inazizira.

Apa ndi pamene ndinaona chimene a lamulo loikidwa amaopa. Tonse awiri tinkaloza ku lamulo losalembedwa, tonse ndi mtima woona, ndipo tinkawerengamo zosiyana. Tikanapatsa majisitireti aliyense ufulu wotaya gawo limene chikumbumtima chake chalikana, bambo aja akanamasulidwa pamaso pa woweruza woganiza ngati ine. Koma pamaso pa woweruza woganiza ngati amalume, chikumbumtima chomwecho chikanataya ndime 20, osati gawo 69.

Mayi wa ku Jeremani ndi mnyamata wa foni

Mkangano wotchuka kwambiri pa nkhaniyi unachitika mu 1958, pakati pa Hart ndi Lon Fuller wa ku Harvard, ndipo mlandu umene anakanganirana umafanana ndi wathu mochititsa mantha. Mu 1944 msilikali wina wa ku Jeremani, ali patchuthi kunyumba, ananena mawu onyoza Hitler. Mkazi wake, amene ankafuna kuthana naye, anakamunenera. Malamulo a nthawiyo ankaletsa mawu otere. Mwamunayo anagamulidwa kuti aphedwe, koma m'malo mwake anatumizidwa kunkhondo. Mu 1949, ulamuliro wa Nazi utagwa, mayiyo anazengedwa mlandu wolanditsa munthu ufulu wake. Iye anati ananena zoona zokhazokha, motsata lamulo limene linalipo.

Sindikufanizira Zambia ndi dziko la Hitler, zimenezo zingakhale zamisala. Ndikufanizira mayiyo ndi mnyamata wa foni. Kodi iye tingamutani?

Katswiri wa ku Jeremani Gustav Radbruch analemba mu 1946 kuti lamulo lolembedwa liyenera kutsatidwa ngakhale lili lopanda chilungamo, pokhapokha kupanda chilungamoko kwafika posapiririka. Likafika pamenepo, silikhalanso lamulo. Hart anakana njira imeneyi. Anati ngati tikufuna kulanga mayiyo, tinene poyera kuti tikupanga lamulo latsopano lobwerera m'mbuyo, tivomereze kuti tikuphwanya mfundo imodzi yabwino pofuna kupulumutsa ina, m'malo monamizira kuti lamulo lakale silinakhaleko. Kwathu kuno ngakhale khomo limenelo n'lotseka, chifukwa ndime 18 ya malamulo aakulu imaletsa kulanga munthu pa chinthu chimene sichinali mlandu tsiku limene anachichita. Ndipo ndikayesa gawo 69 pa muyeso wa Radbruch, moona mtima sindiganiza kuti zaka 3 pa mawu zifika pamene iye ankanena, poti iye ankaganiza za malamulo opha anthu. Mnyamata wa foni ndi mfulu m'ziphunzitso zonse ziwiri. Ndimamuona nthawi zina m'tauni. Anasintha chipani.

Fuller ndi amene anandigwira pamtima, chifukwa iye anayang'ana mbali ina. Sanafunse kwambiri ngati cholinga cha lamulo n'chabwino. Anafunsa ngati lapangidwa mwa njira yoti munthu angathe kuyendetsa moyo wake nalo. Anatchula zinthu 8, koma zitatu zikukwanira pano: lamulo lidziwike kwa anthu, limveke bwino, ndipo zimene akuluakulu akuchita zigwirizane ndi zimene zalembedwa. Gawo 69 linalembedwa m'Chizungu chokha, ndipo bambo aja analimva koyamba kuchokera pakamwa panga, atamangidwa kale. Liwu lakuti kunyoza silinafotokozedwe malire ake, moti palibe mlimi akanadziwa pamene dandaulo lithera ndi pamene mlandu uyambira. Ndipo mawu oposa aja ankanenedwa m'mabawa a ku Kapata usiku uliwonse popanda womangidwa. Chimene chinkasankha wolowa m'ndende si gawolo ayi, koma amene anali pafupi ndi foni.

Ine ndinali pati

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ine ndimangomasulira. Ndi chiganizo chofanana ndendende ndi cha woweruza uja, chakuti khoti limangogwiritsa ntchito zolembedwa. Wapolisi amangomanga, kalaliki amangodinda, wa kundende amangotseka. Tonse timangochita.

Chodabwitsa n'chakuti amene anandilanda pobisalira pamenepa si Tomasi, koma Hart. Ngati lamulo limakhala lamulo chifukwa ogwira ntchito za boma amalizindikira ndi kuligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndiye kuti gawo 69 silinkakhala m'buku lokha. Linkakhala m'manja mwathu. Ndipo ngati kukhala lamulo sikutanthauza kukhala lolungama, ndiye kuti mawu akuti ndinkatsata lamulo safafaniza funso lakuti ndinachita bwino kapena ayi. Amangolisiya lili chiimire, likundiyang'ana.

Ndipo m'kati mwa lamulo lomwelo munali mpata umene sitinaugwiritse ntchito. Gawolo linalibe chilango chochepetsetsa chokakamiza, choncho woweruza akanatha kupereka chilango choimikidwa, munthu n'kupita kukalima. Linkafunanso umboni wa cholinga, ndipo munthu wodandaula za ndalama za chimanga chake ali ndi cholinga china. Ineyo ndikanatha kuimirira n'kupempha chilolezo cha khoti kuti ndinene kuti mawuwa ndi okuluwika, ndipo kumasulira liwu ndi liwu kukutaya tanthauzo. Womasulira amaloledwa kutero. Sindinatero chifukwa mlandu unali wa dzina lalikulu, m'khoti munali anthu ovala malaya achipani, ndipo ine ndinali ndi ana kusukulu.

Ndiye mukandifunsa mbali imene ndili, ndinena chonchi. Pa funso lakuti gawo 69 linali lamulo kapena ayi, ndili ndi Hart. Linali lamulo, ndipo kunena kuti silinali lamulo n'kuwanamiza bambo aja, amene miyezi 6 yawo inali yeniyeni, komanso n'kutichotsera manyazi ife amene tinaliyendetsa zaka 57. Koma Hart akangomaliza kunena kuti ndi lamulo loipa, ndimafuna kumufunsa kuti waliyesa ndi chiyani kuti adziwe kuipa kwake, ndipo chiphunzitso chake sichinapangidwire kuyankha zimenezo. Mafunso amene anagwetsa gawolo m'mitima ya anthu, kufikira aphungu analichotsa, ndi aja a Tomasi, amene bambo aja anafunsa ali m'kabokosi.

Loweruka lotsatira

Ndinawapeza pamalo pomwe paja, atayala thumba pansi chifukwa cha matope. Ndinakhala pa chidebe n'kuwauza zonse ziwiri mmene ndikanathera. Ndinati, "Atate, m'buku la boma munali wolakwa, ndipo mpaka lero mwalembedwa choncho. Koma chimene munanena sichinali choipa, ndipo lamulo limene linakumangani ndi limene linali lolakwa." Ndinawauzanso za kumasulira kwanga, kuti ndikanatha kulankhula koma ndinakhala chete. Anangoti, "Munali pantchito, mwana wanga," ndipo sindinadziwe ngati akundikhululukira kapena akundiweruza.

Kenako anandiuza chifukwa chenicheni chimene anafunsira. Anapeza mwayi wa ulonda pa shedi ina ya fodya, koma kumeneko ankafuna kalata ya kupolisi yoonetsa kuti munthu sanamangidwepo. Ankaganiza kuti popeza lamulo lachotsedwa, dzina lawo layera.

Ndinawafotokozera kuti nthawi ya apilo, masiku 14, inatha kalekale, ndipo khomo limene ndinkaliona lotseguka ndi limodzi: ndime 97 ya malamulo aakulu imapatsa Pulezidenti mphamvu yokhululukira munthu wopezeka wolakwa. Ndinati ndikhoza kuwalembera kalatayo usiku womwewo, iwo n'kungosaina.

Anakhala chete, akusankha nshawa zofumbwa n'kumaziponya pambali.

"Ndiye kuti ndilembere mpando womwe uja, kupempha kuti undikhululukire?"

Ndinati inde, ngakhale wokhalapo ndi wina.

"Ndipepese chiyani m'kalatamo?"

Ndinalibe yankho. Anandidzazira meda ina, anakana ndalama, ndipo anati ndipereke moni kwa amayi a kunyumba. Kalatayo ndinailembabe, ili m'kabati mwanga, ndipo pamalo posaina mpaka lero palibe kanthu.